Ziganizo Zong'aluka za m'Chingerezi: Kusiyana kwa Ntchito za "It" ndi "What"

1. Maonekedwe ake

Mngerezi akafuna kutsindika gawo limodzi la chiganizo polankhula, amangokweza liwu pa mawu amene akuwafunawo, womvera n'kumva. Polemba liwu silioneka, ndipo ngakhale polankhula pamene, kukweza liwu kokha nthawi zina sikukwanira. Motero Chingerezi chili ndi njira ina, yomwe ndi kung'alula chiganizo chimodzi kuti chikhale ndi nthambi ziwiri, iliyonse ndi mneni wake, kotero kuti mawu otsindikidwawo aime paokha. Amene anapatsa ziganizo zotere dzina ndi Otto Jespersen, katswiri wa ku Denimaki, m'buku lake la 1937 lotchedwa Analytic Syntax. Dzina limene iye anasankha likuchokera ku mneni wonena za kung'alula chinthu monga chikuni, ndipo ife m'pepala lino tizitcha ziganizozi zong'aluka.

Titenga chiganizo chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto.

(1) The clerk sent the letter to the magistrate on Monday.

Tanthauzo lake ndi lakuti kalaliki anatumiza kalata kwa woweruza Lolemba. Chiganizochi chikhoza kung'aluka m'njira ziwiri izi:

(2) It was the letter that the clerk sent to the magistrate.

(3) What the clerk sent to the magistrate was the letter.

Mu (2) muli mlowam'malo "it", kenaka mneni "was", kenaka mawu otsindikidwa, ndipo pomaliza nthambi yoyamba ndi "that" kapena "who". Mu (3) nthambi yoyamba ndi "what" ndiyo ili patsogolo, mawu otsindikidwa ali kumapeto. Mabuku ambiri asukulu amaphunzitsa kuti (2) ndi (3) ndi chinthu chimodzi chonenedwa kawiri. Ife tikuti si choncho. Nkhani imene ziganizozi zikusimba ndi imodzidi, koma mawu amene chilichonse chingathe kutsindika ndi osiyana, ndiponso malo amene chilichonse chimakhala bwino m'kukambirana ndi osiyana.

Tisanafike pamenepo tiyenera kudziwa kuzindikira chiganizo chong'aluka, popeza si chiganizo chilichonse choyamba ndi "it was" chimene chili chong'aluka. Muyeso wake ndi wapafupi. Tichotse "it", mneni "was" ndi "that", kenaka tibwezere mawu otsindikidwa pamalo pawo. Chikatsala chiganizo chathunthu, ndiye kuti chinali chong'aluka. Tikatero ndi (2) titsala ndi chiganizo chathunthu chonga (1). Koma tikatero ndi "It was clear that the clerk had lied", mawu akuti "clear" asowa malo obwerera, chifukwa nthambi yakumapetoyo ndi yathunthu kale, ilibe mpata. Nthambi ya chiganizo chong'aluka imakhala ndi mpata, ndipo mawu otsindikidwa ndiwo amatseka mpatawo.

Muyesowu uli ndi malire ake. Chiganizo (2) chikalembedwa chokha chikhoza kumveka pawiri. Munthu atafunsa kuti chimene chinagwa patebulo chija n'chiyani, wina akhoza kuyankha ndi mawu omwewo a (2), ndipo pamenepo "it" akuimira chinthu chinagwacho, nthambi ya "that" ikungofotokoza kuti ndi kalata iti. Apo palibe kung'aluka. Polankhula kusiyanaku kumamveka: m'chiganizo chong'aluka liwu limakwera pa "letter" ndi kutsika pa zotsatira zonse, pamene m'chinacho limakwera kumapeto, pa "magistrate". Polemba, chimene chimatithandiza ndi ziganizo zoyandikana nazo basi.

Pali zizindikiro zina ziwiri zoonetsa kuti nthambi ya m'chiganizo chong'aluka si nthambi yamfotokozi wamba, ngakhale ikufanana nayo. Choyamba, imatha kutsatira dzina lamwinimwini, monga mu "It was London that he chose", pamene nthambi yamfotokozi yoyamba ndi "that" siichita zimenezo, pakuti dzina lamwinimwini silifuna kupatulidwa pakati pa anzake. Chachiwiri, "it" sasintha ngakhale otsindikidwawo akhale ambiri. Amati "It was the clerks who sent the letter", ndipo "they were" salowapo. Ophunzira ambiri amaphonya apa poganiza kuti "it" akuimira akalalikiwo. Jespersen mwini wake, m'zolemba zake za 1927, anayamba waganiza kuti nthambiyo imafotokoza "it" ndipo yangosunthidwira kumapeto. Mu 1937 anasiya maganizowo. Mkangano umenewu sunathebe pakati pa akatswiri.

2. Zimene chilichonse chingathe kutsindika

Apa ndi pamene kusiyana kumayamba kuoneka poyera. Chizindikiro cha nyenyezi chikutanthauza chiganizo chimene eni chiyankhulo sachivomereza.

(4) It was the clerk who sent the letter.

(5) It was to the magistrate that the clerk sent the letter.

(6) It was on Monday that the clerk sent the letter.

(7) *It was send the letter that the clerk did.

Chiganizo cha "it" chimatsindika mwininkhani, pamtherankhani, kapandamneni woyamba ndi mperekezi, ndi mawu onena nthawi kapena malo. Chimatsindikanso nthambi yachifukwa yoyamba ndi "because", koma chimakana nthambi yoyamba ndi "although". Chimene sichitha m'Chingerezi cha m'mabuku ndi kutsindika mneni, monga (7) chikuonetsera. Mfotokozi nayenso amakhalamo movuta. Tinene pano kuti Chingerezi cha ku Ailandi chimalola zambiri mwa zimene cha m'mabuku chimakana, ndipo akatswiri ambiri amati izi zinadza chifukwa cha Chiairishi, chomwe chimang'alula ziganizo momasuka kwambiri.

Tsono tiyese ndi "what".

(8) What the clerk did was send the letter.

(9) What the magistrate said was that the letter had come late.

(10) *Who sent the letter was the clerk.

(11) *What the clerk sent the letter was to the magistrate.

Pamene "it" walephera, "what" wakhoza: mneni akutsindikika mu (8) mothandizidwa ndi "did", ndipo nthambi yathunthu ikutsindikika mu (9). Koma "what" amanena za zinthu ndi zochitika, sanena za anthu, ndipo "who", amene tikadayembekeza kuti alowe m'malo mwake, saloledwa mu (10). Mngerezi amazungulira n'kunena kuti "The one who sent the letter was the clerk". Kapandamneni wa mu (5) nayenso alibe mnzake wa "what". Motero mitundu iwiriyi imakumana pa dzina la chinthu, monga kalata ija, koma kunja kwa pamenepo uliwonse uli ndi dera lake.

Mfundo iyi ili ndi mbiri yake. Mu 1970 Adrian Akmajian anafotokoza kuti ziganizo za "it" zimachokera ku ziganizo za mtundu wa "what", mwa kusuntha nthambi yakutsogolo kupita kumapeto ndi kusiya "it" pamalo pake. Maganizowa ndi okopa, chifukwa (2) ndi (3) zimagwirizanadi motero. Koma ziganizo ngati (5) zinawavutitsa kuyambira pachiyambi, pakuti gwero limene zikadachokera, lomwe ndi (11), palibe amene amalinena. Lamulo lotulutsa chiganizo chabwino kuchokera ku gwero losanenedwa limafuna zigamba zambiri.

Chiganizo cha "what" chili ndi vuto lakelake, limene F. R. Higgins analiunika mozama mu 1973.

(12) What the clerk sent was a joke.

Chiganizochi chikhoza kutanthauza kuti kalaliki anatumiza nthabwala, ndipo pamenepo n'chong'aluka: nthambi ya "what" ili ngati mutu wa funso, mawu akumapeto ndi yankho. Chikhozanso kutanthauza kuti chinthu chimene anatumizacho, kaya kalata kaya lipoti, chinali chopanda pake, chongoseketsa. Pamenepo sitinauzidwe n'komwe kuti anatumiza chiyani. Tangouzidwa mmene chinalili. Njira yosiyanitsira ndi kutembenuza chiganizocho. Tikati "A joke is what the clerk sent", tanthauzo loyamba ndilo limatsala. Ziganizo zotembenuzidwa chotere zimapezeka kwambiri polankhula, makamaka zoyamba ndi "that", monga "That is what he sent". Peter Collins anaonetsa zimenezi mu 1991 ataunika Chingerezi cholembedwa ndi cholankhulidwa cha ku Britain.

3. Maziko a chiganizo

Kung'alula chiganizo sikungokweza gawo limodzi. Kumatsitsanso gawo linalo, n'kulisandutsa chinthu chimene wolankhula akuchitenga ngati chosakanika. Gawo lotsitsidwali tilitcha maziko. Mu (4) maziko ndi akuti wina anatumiza kalata. Chimene chikunenedwa ndi chakuti winayo ndi kalaliki.

Maziko amadziwika ndi ichi, kuti sagwa chiganizo chikakanidwa kapena chikasanduka funso.

(13) The clerk did not send the letter.

(14) It was not the clerk who sent the letter.

Wonena (13) sanavomere kuti kalata inatumizidwa. Mwina ikadali m'kabati. Wonena (14) wavomera kuti inapita, akungokana kuti woitumiza ndi kalaliki. N'chifukwa chake Mngerezi sanganene kuti "It was nobody who sent the letter", popeza mawu otsindikidwawo akugwetsa maziko amene chiganizocho chaimapo. Ziganizo za "what" zimachita chimodzimodzi: wonena kuti "What the clerk sent was not the letter" wavomera kuti china chake chinatumizidwa.

Palinso chinthu chachiwiri chimene womvera amatolapo, chakuti wotsindikidwayo ndi yekhayo. Womva (4) amaganiza kuti palibe wina anatumiza kalatayo kupatula kalaliki, ndipo n'chifukwa chake mawu ngati "even" sakhala bwino pamalo otsindikidwa. Komabe tichenjere, pakuti ganizo la "yekhayo" silinenedwa poyera monga mmene "only" amalinenera. Laurence Horn anaonetsa zimenezi mu 1981, ndipo kukana kumationetsa bwino. Wonena kuti "It was not only the clerk who signed" wavomera kuti kalaliki anasaina, akukana kuti anali yekha. Wonena kuti "It was not the clerk who signed" wamuchotseratu kalaliki. Chikhala kuti "yekhayo" anali m'kati mwa chiganizo chong'aluka monga gawo la zonenedwa, ziganizo ziwirizi zikadatanthauza zofanana. Womasulira amene amaonjezera "yekha" paliponse pamene waona "it was" akunena zoposa zimene mwini mawu ananena.

4. Malo ake m'kukambirana

Popeza mitundu yonse iwiri ili ndi maziko, tingaganize kuti pamene yonse ikuloledwa, monga mu (2) ndi (3), wolemba akhoza kusankha uliwonse. Ellen Prince, mu 1978, anasonkhanitsa ziganizo zenizeni za m'zolemba ndi m'zokambirana, ndipo anapeza kuti mawu akuti "chodziwika kale" akubisa zinthu ziwiri zosiyana. Chinthu chikhoza kukhala chodziwika chifukwa womvera akuchiganizira pa nthawi imeneyo. Chikhozanso kukhala chodziwika chifukwa ndi choona chimene anthu ena amachidziwa, ngakhale womverayo sanachimvepo.

Chiganizo cha "what" chimafuna mtundu woyambawo. Nthambi yake iyenera kukhala chinthu chimene wolankhula ali ndi chifukwa choganizira kuti chili m'mutu mwa womvera. Mphunzitsi akhoza kutsegula phunziro ndi mawu akuti "What I want to discuss today is tone", ngakhale sipananenedwe kanthu, chifukwa ophunzira akhala pansi akuyembekeza kuti akambapo china chake. Koma munthu atangolowa m'chipinda n'kunena (3) kwa anthu amene amakamba za mvula, onse angadabwe, pakuti palibe amene amadzifunsa za chimene kalaliki anatumiza. Chiganizo cha "what" chimayamba ndi funso la womvera, n'kumusunga akudikira yankho. Pa chifukwa chimenechi chimanyamula bwino mawu otsindikidwa ataliatali, monga mu (9), popeza Chingerezi chimakonda kuika zolemera kumapeto.

Chiganizo cha "it" chili ndi mitundu iwiri, ndipo wachiwiriwo mabuku asukulu sautchula kawirikawiri. Woyamba ndi umene taona kale, wotsutsa kapena wokonza. Wina wati mthenga ndiye anatumiza kalata, mnzake n'kuyankha ndi (4). Mawu otsindikidwa ndi aafupi ndi atsopano, nthambi yotsatira ndi yakale, ndipo imanenedwa ndi liwu lotsika. Ikhozanso kusiyidwa, n'kungoti "It was the clerk".

Wachiwiri ndi uwu:

(15) It was in 1066 that the Normans invaded England.

Chiganizo chotere chikhoza kutsegula mutu wa buku la mbiri. Wolemba sakutsutsana ndi munthu amene wati chinali chaka china, ndipo sakuganiza kuti woŵerenga amaganizira za Anomani asanatsegule bukulo. Uthenga weniweni uli m'nthambi yakumapeto, yomwe imanenedwa ndi liwu lathunthu ndipo singasiyidwe. Nanga n'chifukwa chiyani wolemba wayika uthenga watsopano m'malo a maziko? Yankho la Prince ndi lakuti akufuna kuupereka ngati choona chokhazikika, chimene iye sakuchiikira umboni koma akungochikumbutsa. Woŵerenga amalandira nkhaniyo ngati kuti dziko lonse limaidziwa, iye yekha ndiye anatsalira. Andale ndi olemba nkhani za maganizo amaidziwa bwino mphamvu imeneyi. Wonena kuti "It was this policy that ruined the farmers" wapereka mpata wotsutsana pa funso lakuti ndi ndondomeko iti, koma zakuti alimi anasauka waziika pansi pamene mkangano sufika msanga.

Muyeso wosiyanitsira mitundu iwiriyi m'zolemba ndi kufunsa ngati nthambi yakumapeto ingadulidwe popanda kutaya uthenga. Ikaduka bwino, ndi mtundu wotsutsa. Ikapanda kuduka, ndi mtundu wophunzitsa. Ndipo (15) sichingasinthidwe kukhala cha "what" kapena "when" pachiyambi pa mutu, chifukwa funso limene nthambi yotere ingadzutse silinabadwe m'mutu mwa woŵerenga.

5. Mmene Chichewa chimachitira

Nkhaniyi imatikhudza chifukwa malamulo, nkhani za pa wailesi ndi mafunso a m'bwalo la milandu zimadutsa m'manja mwa omasulira, kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Chichewa nacho chimang'alula ziganizo, koma zipangizo zake ndi zina.

(16) Ndi kalaliki amene anatumiza kalata.

(17) Kalaliki ndiye anatumiza kalata.

(18) Chimene kalaliki anatumiza ndi kalata.

(19) Amene anatumiza kalata ndi kalaliki.

Mu (16) mulibe mawu oimira "it". Chichewa sichifuna mwininkhani wongodzaza malo, kotero chiganizo chimayamba ndi "ndi", ndipo pokana chimayamba ndi "si": Si kalaliki amene anatumiza kalata. "Ndi" ameneyu alibe nthawi. Nthawi imanyamulidwa ndi mneni wa m'nthambi. Womasulira amene amati "Anali kalaliki amene anatumiza kalata" pofuna kusunga "was" watulutsa chiganizo chimene womvera angachimve ngati kufotokoza kuti munthu wina wake anali kalaliki, amenenso anatumiza kalata. Mawu onse amasuliridwa, koma kutsindika kwatayika.

Mwa ziganizo zinayi, (17) ndicho chimamveka kwambiri pakamwa pa anthu pamene akukonza mnzawo, ndipo Chingerezi chilibe chofanana nacho ndendende. Mawu otsindikidwa ali patsogolo, "ndi" walumikizana ndi mlowam'malo wogwirizana ndi gulu la dzinalo: kalaliki ndiye, akalaliki ndiwo, kalata ndiyo, chikalata ndicho. Pamene Chingerezi chimasunga "it" osasintha, Chichewa chimaonetsa mgwirizano poyera.

Chiganizo (19) n'chofunika kuchiona bwino. Chimene Chingerezi chinakana mu (10), Chichewa chikulola popanda kuzungulira, chifukwa "-mene" amalandira mgwirizanitsi wa gulu lililonse, la anthu lomwe. Chimodzimodzi ndi (11): ife timati "Kumene kalaliki anatumiza kalata ndi kwa woweruza", popeza magulu amalo a pa-, ku- ndi mu- amatipatsa "pamene", "kumene" ndi "mmene". Mneni timamutsindika monga mu (8), pomupatsa ku-: Chimene kalaliki anachita ndi kutumiza kalata. Zotsatira zake n'zakuti mtundu woyamba ndi nthambi uli ndi dera lalikulu m'Chichewa kuposa mnzake wa "what" m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri ndiwo umamasulira bwino chiganizo cha "it". Chiganizo (5) chimamveka bwino tikayamba ndi "Kumene" kusiyana n'kuyamba ndi "Ndi kwa woweruza".

Mgwirizanitsi amabweretsanso kusiyana kumene "what" sakudziwa. Mu (18) tati "chimene" ngakhale kalata si ya gulu la chi-, chifukwa pa nthawi imene nthambiyo ikunenedwa womvera sanadziwe kuti chinthucho n'chiyani. Tikati "Imene anatumiza ndi kalata ya woweruza", ndiye kuti tonse tikudziwa kale kuti tikukamba za makalata, funso n'lakuti ndi iti. Maziko a chiganizo chachiwirichi ndi okulirapo, ndipo kukula kwake kwaoneka pa mgwirizanitsi yekha.

Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, mu 1987, anaonetsa chinthu china chogwirizana ndi izi. M'funso wamba, mawu ofunsira sagwirizana ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani: timati "Kodi kalaliki anatumiza chiyani?", ndipo "anachitumiza chiyani" sizimveka bwino. Koma funsolo likang'aluka, mgwirizanitsi amaloledwa: Kodi n'chiyani chimene kalaliki anachitumiza? Kufotokoza kwawo n'kwakuti chinthu chimodzi sichingakhale chotsindikidwa ndi chodziwika kale m'nthambi imodzi yomweyo, koma chiganizo chong'aluka chili ndi nthambi ziwiri, motero chinthucho chimatsindikidwa m'nthambi yoyamba n'kukhala chodziwika m'yachiwiri. Ife tikuona kuti umenewu ndi umboni wabwino wakuti kung'aluka si chokometsera chabe koma kamangidwe kenikeni ka chiganizo.

Kalembedwe kathu kamabisa zina mwa izi. "Ndi" wa mu (16) amanenedwa ndi liwu lotsika, pamene "ndi" wolumikiza, wa mu "mthenga ndi kalaliki anafika", amanenedwa ndi liwu lokwera. Papepala onse ndi malembo atatu omwewo. Nthambi yamfotokozi nayo, "amene" akasiyidwa, imadziwika ndi kukwera kwa liwu pa mneni, kumene sitilemba. Choncho olemba zikalata za boma ndi mabuku asukulu achita bwino kusunga "amene" ndi "chimene" m'ziganizo zong'aluka, ngakhale polankhula timawasiya.

6. Chitsanzo cha m'bwalo la milandu

Tiyerekeze kuti kalaliki uja ali m'bokosi la mboni, ndipo sanavomerepo kuti anatumiza kalata iliyonse. Loya akumufunsa m'Chingerezi:

(20) Was it on Monday that you sent the letter?

Funsoli likufunsa za tsiku lokha. Zakuti mboniyo inatumiza kalata zaikidwa m'maziko. M'Chingerezi, woyankha kuti inde wavomera zonse ziwiri, ndipo woyankha kuti ayi wakana tsiku koma kutumizako wakusiya kuli chilili. Njira yokha yotulukira ndi kukana funso lenilenilo, kunena kuti sanatumize kalata n'komwe.

Womasulira ali ndi njira zitatu. Akhoza kunena kuti "Kodi munatumiza kalatayo Lolemba?" Chichewa chake n'chosalala, koma kung'aluka kwachoka. Mboni ikayankha kuti "Ayi", ikhoza kukhala ikukana zonse, kutumiza ndi tsiku lomwe. Womasulira abweza "No", ndipo m'kaundula wa bwalo "No" ameneyu aima pansi pa funso (20), pamene akutanthauza kuti silinali Lolemba basi. Loya apitiriza kufunsa kuti nanga linali liti, ndipo mboni ikati sinatumize kalata, zioneka ngati yasintha mawu pamene sinasinthe. Chizindikiro cha vutoli m'kaundula ndi chimenechi: mboni yokana kawiri zinthu zooneka zosemphana, funso lapakati lili loyamba ndi "was it".

Njira yachiwiri ndi kutsata Chingerezi mwa ndondomeko yake: "Kodi ndi Lolemba pamene munatumiza kalatayo?" Maziko asungika, ndipo chiganizocho n'chololedwa, koma n'cholemera m'khutu, ndipo m'bwalo laphokoso "ndi" wamfupiyo akhoza kutayika.

Njira yachitatu ndi kutembenuza: "Kodi tsiku limene munatumiza kalatayo ndi Lolemba?" Apa maziko abwera patsogolo, mboni iwamva poyera, ndipo ngati sikugwirizana nawo itsutsa nthawi yomweyo kuti palibe tsiku lotero. Ife tikuona kuti njira iyi ndiyo yoyenera, ngakhale yasintha chiganizo cha "it" kukhala cha mtundu wina. Wina akhoza kudandaula kuti yaulula msampha wa loya kuposa mmene Chingerezi chinauululira, popeza mu (20) maziko ali kumapeto, pamene liwu latsika. Dandauloli lili ndi mbali yake yoona. Koma mboni yodziwa Chingerezi ikadamva maziko amenewo, ndipo ntchito ya womasulira ndi kuika mboni ya Chichewa pamalo omwewo. Kuulula pang'ono n'kolakwa kochepa kuposa kufafaniziratu.

Ziganizo za mtundu wa (15) zimafuna chiweruzo china. Olemba nkhani m'Chichewa anazolowera kunena kuti "Munali mu 1066 pamene Anomani analowa m'dziko la Mangalande", ndipo oŵerenga amazilandira. Apa mneni wa nthawi yakale sasokoneza monga anachitira mu "Anali kalaliki", chifukwa mu- akuloza nthawi, sakuloza munthu amene angafotokozedwe. Cholakwa ndi kumasulira (15) ndi "1066 ndicho chaka chimene", pakuti mawu amenewa amamveka ngati kukonza munthu amene watchula chaka china, ndipo pachiyambi pa mutu palibe amene watchula chaka. Womasulira ayambe wadula nthambi yakumapeto m'maganizo mwake: ikaduka, agwiritse ntchito "ndiye" kapena "ndicho"; ikakana kuduka, asankhe "munali ... pamene", kapena angolemba chiganizo chosang'aluka choyamba ndi chakacho.